Amuna anga amaika kamtima pa zithunzi za chibwenzi chawo chakale, ndiwauze andipatse pasiwedi?

"Ndine mayi wa zaka 27, ndimakhala ku Luchenza, pa banja ndatha zaka 3 ndipo tili ndi mwana mmodzi. Amuna anga ndi kalaliki ku esiteti ina ya tiyi. Chibwenzi chawo chakale, mtsikana wina ali ku Limbe, akangoponya chithunzi pa Facebook iwo amaikapo kamtima, tsiku lina mpaka anakomenta kuti 'sukalamba iwe'. Mnzanga wa ku kwaya ndi amene ananditumizira sikirinishoti. Ine sanandipositeko olo kamodzi, ndipo nditaika chithunzi chathu cha ku Likhubula pa sitetasi anandiuza kuti ndichotse. Usiku wina foni yawo inali yosaloka, ndinapeza dzina la mtsikanayo pa WhatsApp koma mkati mulibe meseji olo imodzi. Nditafunsa anati nanenso wakale wanga amaona masitetasi anga, zomwe ndi zoona, ndipo pano anasintha pasiwedi. Ndiwakakamize andipatse? Kapena ndingopita kwa ankhoswe?"

Achemwali, pepani kwambiri, mtima ukuwawa ndipo muli ndi chifukwa chomveka. Koma pasiwediyo isiyeni kaye, ndipo kwa ankhoswe musathamangireko sabata ino. Ndakhala ndikulangiza mabanja kuno kwa zaka zambiri ndithu, ndipo chiyambireni nkhani za mafonizi sindinaonepo pasiwedi ikukhazika munthu mtima pansi. Chimene chimachitika ndi choti mumawerenga usiku woyamba, simupeza kanthu, mtima umati afufuta, mawa lake muwerenganso, kenako mwayamba kudzuka 2 koloko usiku kumasuzumira foni ya mwini wake ali mtulo, ndipo munthu amene akufunadi kubisa amangogula simu ina kapena kafoni ka mabatani nkumakasiya mu diloo ku ofesi. Ndiye inu mwatsala ndi pasiwedi, iye watsala ndi chinsinsi chake chomwe chija. Komanso mufoni ya alamuwo muli zinthu za anthu ena, mlongo wawo mwina anawauza za matenda ake, muli za kuntchito, muli mameseji a Airtel Money kaya Mpamba, anthu amenewo sanavomere kuti inu muziwerenga. Chomwe mukusowa ndi mgwirizano, woti awirinu munene ndi pakamwa kuti ichi timachita, ichi sitichita, ndipo ukhale womanga nonse mofanana.

Pa zonse mwanenazi, zina ndi zolemera zina ndi zopepuka, ndipo mukazisakaniza mu thumba limodzi alamuwo adzasankha chopepuka nkuyankha chimenecho basi. Adzati "laiki ndi chani, ndi kungodina", nkhani nkuthera pompo. Cholemera kuposa zonse ndi chati yopanda kanthu ija, tiyambire pamenepo.

Dzina la munthu kuoneka pa mndandanda wa machati mkati muli mbee, sikuti WhatsApp imangochita yokha. Njira yodziwika ndi yoti mwini foni anadina Clear chat, imeneyo imasesa mameseji onse koma dzina limatsala pa mndandanda. Njira ina ndi Disappearing messages, pomwe mameseji amafufutika okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena masiku 90 malinga ndi zomwe munthu wasankha. Imeneyi imadziwika, pa kachithunzi ka munthuyo pamakhala kachizindikiro konga wotchi. Koma apa ndikuchenjezeni, pa chati ya anthu awiri aliyense mwa awiriwo atha kuyatsa zimenezi, ndiye mwina anayatsa ndi mtsikanayo osati alamu. Palinso anthu amene anatchera Default message timer kuti chati iliyonse yatsopano izifufutika yokha, ena amatero chifukwa foni zathuzi malo ndi ochepa zimadzadza msanga ndi mavidiyo a m'magulupu. Ndiye funso lofunsa si loti "munkakambirana chani", chifukwa poti zafufutika atha kuyankha chilichonse. Funso ndi loti, kodi machati onse mufonimo ndi osesedwa, kapena ndi ya munthu mmodzi yekhayu? Ngati ya amayi awo, ya abwana awo, ya anzawo a mpira zonse zili ndi mameseji a chaka chatha koma iyi yokha ndi yoyera, ndiye kuti pali chomwe sanafune kuti chionedwe. Sizikutanthauza kuti agonana ayi, ndisakunamizeni, nthawi zambiri zimakhala za "wadzuka bwanji", "ndakusowa", "ukukumbuka tsiku lija", koma iwo eni anaona kuti mkazi wanga akawerenga izi sasangalala, nkufufuta mmalo mosiya. Malire ake ndi amenewo ndipo ndi amene ndimauza banja lililonse lobwera kwa ine: meseji yomwe ukufuna kuifufuta mnzako asanaione, imeneyo sumayenera kuilemba.

Pano za malaiki. Alamuwo akunena zoona pang'ono kuti laiki payokha ndi kanthu kakang'ono, ena amangodina chilichonse chodutsa, maliro laiki, ukwati laiki, munthu akugulitsa nanazi pa Chitakale laiki. Koma pali zinthu ziwiri zomwe amuna ambiri sazilingalira. Choyamba, laiki si yachinsinsi. Chithunzi chikakhala choti aliyense atha kuona, aliyense athanso kudina nkuona mayina a amene aikapo kamtima, ndipo Luchenza ndi kamalo kakang'ono, amene munaphunzira naye ndi yemweyo mumapemphera naye ndi yemweyo ali pa Facebook ya amuna anu. Umboni wake ndi womwewu, inu simunachite kufufuza, nkhani inakupezani ku kwaya. Ndiye akamati ndi kungodina, muwauze kuti kudinako kumachitikira pabwalo, ndipo manyazi ake amagwera inu. Chachiwiri, kamtima ndi chala sizofanana, pa Facebook kuti uike Love umayenera kukanikiza kaye nkusankha, si ngozi. Ndipo mawu oti "sukalamba iwe" ndi mawu oyamikira thupi la mkazi amene unagwirana naye manja kale, olembedwa poyera ndi bambo wapabanja. Amenewo ndi olakwika, palibe zozungulira.

Mmene mungadziwire ngati ndi chizolowezi chongodina kapena ndi munthu mmodzi amene akutsatidwa, pa Facebook pali malo otchedwa Activity log, amaona mwini akaunti yekha, ndipo amasonyeza chilichonse chomwe walaika ndi kukomenta motsatana ndi masiku ake. Sindikuti mukabe foni mukaone ayi. Ndikuti tsiku lokambirana, ngati iwo akukakamira kuti amalaika aliyense, muwapemphe atsegule okha muonere limodzi mwezi umodzi wapitawu, inunso mutsegule yanu. Mukaona timitima tili mbwee kwa aliyense, amuna ndi akazi omwe, vuto ndi laling'ono, ndi longowauza kuti kwa uyu yekha lekani. Koma mukaona kuti ena onse amalandira chala ndipo kamtima ndi ka mtsikana mmodzi, kapena alaika zithunzi zake za zaka zitatu zapitazo, zomwe kawirikawiri sizibwera zokha pokhapokha munthu atalowa pa peji yake nkumatsika pansi, pamenepo iwo eni adzaona okha zomwe inu mukuona. Ndinakhalapo ndi banja lina la cha ku Bvumbwe, bamboyo ankalumbira kuti mkazi wake ndi wansanje chabe, titatsegula limodzi anangoti chete kwa kanthawi kenako nkunena kuti sindimadziwa kuti zachuluka chonchi. Sanali kunama, chinthu chochita kamodzi kamodzi uli pa kabaza kapena ukudikira sikelo sumachiwerenga.

Tsopano achemwali ndibwere kwa inu, ndipo musandikwiyire. Alamuwo anatchula za wakale wanu pofuna kuthawa funso, zimenezo ndi zoona, koma mfundo yawo ili ndi fupa. Sitetasi ya WhatsApp siimaoneka kwa munthu wamba aliyense, imaoneka pokhapokha inu mutasunga nambala yake ndipo iyenso atasunga yanu. Ndiye ngati mnyamata uja akuona masitetasi anu, nambala yake ili mufoni mwanu mpaka lero, ndipo poti mukudziwa kuti amaona ndiye kuti mumatsegula kamndandanda ka amene aona nkulipeza dzina lake. Sindikuti mukuchita naye kanthu. Koma dzifunseni nokha mumtima, tsiku lomwe mwatchena bwino mwajambulitsa mwaika pa sitetasi, simuyang'ana ngati waona? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mwambi umenewu sunasankhe kuti ndi wa amuna okha. Ine malangizo anga ndi oti muyambe ndinu, musanakhale nawo pansi. Fufutani nambalayo, akatero saonanso sitetasi yanu. Ngati pali chifukwa chenicheni chosungira, mwina muli gulupu imodzi ya banki mkhonde kapena ya anzanu a ku sekondale, lowani pa Status privacy musankhe My contacts except... nkuchonga dzina lake. Dziwani kuti kusinthaku kumagwira pa masitetasi omwe muike kutsogolo, omwe ali kale pamenepo amakhalabe mpaka maola 24 awo akwane. Mukatero mukubwera pa zokambirana manja ali oyera, mutha kunena kuti ine zanga ndakonza, onani, ndipo chida chomwe amakuopsezerani chija chatha mphamvu.

Nkhani ya chithunzi cha ku Likhubula ndi imene ndikufuna tiione mofatsa, chifukwa apa akazi ambiri timalakwitsa kuwerenga. Mwamuna kusaposita mkazi wake pakokha si umboni wa kanthu. Alipo ambiri kuno amene safuna nkhope yawo pa foni za anthu, ena amaopa kuti achibale akaona muli kokayenda ku Dziwe la Nkhalamba mawa kubwera mameseji opempha ya feteleza, ena amaopa nsanje ndi maso a anthu, ena ndi a mipingo yosakonda zodzionetsa, ena ntchito, kalaliki wa pa esiteti amakhala pakati pa mabwana ndi anthu othyola tiyi ndipo safuna aliyense adziwe mmene amadyera ndalama yake. Zifukwa zimenezi ndi zenizeni ndipo munthu ali ndi ufulu wokana kuti nkhope yake isaikidwe, ngakhale woikayo ndi mkazi wake. Inunso ufulu womwewo muli nawo, asakujambuleni mutamanga chitenje pachifuwa mukuchapa nkukakuikani pagulu ati nthabwala.

Koma kubisa nkhope ndi kwina, kubisa banja ndi kwina. Poyezera pake ndi apa. Kodi alamuwo amaposita zinthu zina za moyo wawo? Ngati peji yawo ndi ya mpira ndi mavesi basi, alibe chithunzi chawo chomwe, mayi awo sanawaikepo, ndiye kuti ndi chibadwa chawo, asiyeni. Koma ngati amadziposita okha atatchena, amaposita anzawo ku Chonde pa Mulhako, amaposita njinga yawo, mwana amamuikapo nthawi zina koma mayi wa mwanayo ayi, moti mlendo wolowa pa peji yawo angaganize kuti ndi mbeta yachimuna yolera yokha mwana, pamenepo funso lilipo. Ndipo onaninso ichi, chithunzi chija munaika pa sitetasi yanu, osati yawo. Amene akanaona ndi anthu a mufoni mwanu, mtsikana wa ku Limbe sakanachiona pokhapokha wina atamutumizira. Ndiye mwina chifukwa chawo sichikukhudzana ndi iyeyo nkomwe, mwina ndi munthu wina wa mufoni mwanu amene safuna aone, mwina anapempha tchuthi kuntchito ponena kuti akudwala tsiku limenelo, zimachitikatu. Simunawafunse chifukwa, munangochotsa mtima ukuwawa. Afunseni. Yankho la munthu amene ali ndi chifukwa limabwera msanga ndipo limakhala ndi dzina, "sindifuna amalume aone". Yankho la munthu wobisa limakhala lozungulira ndi laukali, "basi sindifuna, bwanji umakonda zimenezi".

Pa zithunzi mgwirizano womwe ndaona ukugwira ntchito ndi wosavuta, chithunzi chomwe pali nkhope ya mnzako umamuonetsa kaye usanaponye, akakana wakana koma anene chifukwa. Mbali inayo, banja lisabisike, pakhale chinthu chimodzi chokhazikika chosonyeza kuti munthuyu ali pabanja, kaya ndi pa Facebook polemba kuti Married, kaya chithunzi chimodzi cha tsiku la chinkhoswe kapena la ukwati. Chimodzi chokha chikwanira, musawaumirize kuti azikupositani sabata iliyonse ndi mawu achikondi, chokakamiza chimaoneka ndipo simudzakhutira nacho. Za mwana mugwirizanenso pomwepo, ine ndimati osaika mwana ali maliseche posamba, ndipo akadzayamba sukulu osaika chithunzi choonetsa yunifolomu ndi dzina la sukulu poyera pomwe aliyense angaone. Ngati achibale amakonda kukutagani, pa Facebook pali Profile and tagging pomwe mungatchere kuti chomwe mwatagidwa chizidikira inu muvomereze chisanaoneke pa peji yanu, ngakhale kwa amene anachiponyayo chimaonekabe.

Nanga kukambiranako kukhale bwanji. Osati pa WhatsApp iwo ali kuntchito, osati usiku mutangoona china chake mtima uli phaphapha, osatinso tsiku la malipiro. Sankhani Lamulungu masana mwadya, mwana mwamupereka kwa agogo ake kapena wagona, mafoni onse awiri ali pa tebulo. Yambani ndi kuvomera zanu, kuti munatsegula foni yawo usiku osapempha ndipo sizinali bwino. Ndikudziwa kuti zikuwawa kupepesa iwe uli wolakwiridwa, koma mukapanda kutero nkhani yonse idzakhala ya "unagwiriranji foni yanga" mpaka dzuwa kulowa. Kenako nenani chinthu chimodzi chimodzi, chomwe chinachitika ndi mmene chinakukhudzirani, mwachitsanzo: "Bambo a mwana, komenti ija munalemba pa chithunzi cha uja inandipeza ku kwaya, anthu anaiona ine ndisanaione, ndinachita manyazi kwambiri. Ine nambala ya uja ndafufuta, foni ndi iyi. Ndikupempha kuti nanunso muchite chimodzimodzi, ndipo tigwirizane za mmene tizichitira." Mawu oti "nthawi zonse inu" ndi "amuna nonse" asatuluke, amenewo amatsekula mlandu wina.

Pa za akale, tchulani mayina. Musanene kuti "tisamacheze ndi akale" mwachisawawa, chifukwa mawa wina adzati amene uja sichinali chibwenzi chenicheni tinkangocheza. Aliyense anene kuti anga ndi uyu ndi uyu, ndipo pa aliyense mugwirizane chochita. Facebook ili ndi masitepe atatu ndipo ndi bwino kuwadziwa kusiyana kwake. Unfollow imangochotsa zoponya za munthuyo kuti zisamakubwerere, koma mukadali mafulenzi ndipo utha kulowa pa peji yake nthawi iliyonse, iyeyo sauzidwa. Unfriend imathetsa ufulenziwo, sauzidwanso ngakhale atha kuzindikira yekha, koma zomwe amaponya poyera ukazifuna uzionabe. Block ndiye imatseka zonse, simuonananso. Kwa wakale amene munasiyana bwinobwino zaka zambiri zapitazo ndipo palibe chachitika, Unfollow imakwana, sindikhulupirira zoti munthu aliyense amene unamudziwapo azibulokedwa ngati mdani. Koma kwa mtsikana wa ku Limbeyu, poti pafika kale timitima, komenti ndi chati yosesedwa, Unfollow ndi yochepa. Apa ndi Unfriend ndi kufufuta nambala, komenti ija aichotsenso okha. Block isungeni, idzagwire ntchito ngati iye apitiriza kulemba atauzidwa.

Ndipo auzidwe ndi alamuwo, osati inu. Meseji imodzi yaifupi yaulemu, yoti ndili pabanja ndipo ndaona kuti kuchezaku sikukulemekeza mkazi wanga, tisiyire pomwepa, zabwino zonse. Ailembe inu mukuona, aitumize, basi. Inu musamuimbire mtsikanayo, musamulembere, musapite pa chithunzi chake kukatukwana. Iye sanalonjeze kanthu kwa inu, amene analonjeza pamaso pa ankhoswe ndi amuna anu, komanso mameseji otukwana ndi oopseza amasanduka sikirinishoti nkuzungulira Thyolo yense, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za pa intaneti lomwe limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni. Mutha kupezeka wolakwa ndinu pa nkhani yomwe munali wolakwiridwa.

Kenako pakhale pangano la mtsogolo, chifukwa anthuwa sanafe, mudzakumana nawo pa maliro, mu minibasi ya ku Limbe, mu gulupu ya kusukulu, kapena adzalemba ndi nambala yatsopano. Pangano lake ndi loti wakale akakulembera kapena mukakumana, umuuze mnzako tsiku lomwelo, iwe mwini, asanamve kwa wina, ndipo mesejiyo usafufute. Koma pangano limeneli lili ndi mbali yanu yovuta achemwali. Tsiku lomwe alamu adzabwere nkunena kuti uja wandilembera lero, onani, inu mukadzakalipa ndi kufunsa mafunso 20, limenelo lidzakhala tsiku lomaliza kukuuzani. Muyenera kudzati zikomo pondiuza, ngakhale mkati mukutentha. Ndidutsepo pang'ono pa nkhani ina ngakhale si yanu, kwa amene wakale wakeyo anabereka naye mwana zofufuta nambala sizingatheke ndipo sizoyenera, mwana amafuna fizi ndi mankhwala. Pamenepo mgwirizano umakhala woti zokambirana ndi za mwana zokha, masana, chati siifufutidwa, ndipo ndalama yotumizidwa mnzako aziidziwa.

Za pasiwedi zija, pali njira yapakati yomwe ndimaikonda. Foni isakhale chinthu choopsa mnyumba, ikalira mwini wake ali kubafa mnzake atha kuona amene akuimba nkumuuza, ukafuna kuimbira kapena tochi utha kubwereka osaona munthu akudumpha ngati waponda moto. Ndipo wina akakhala ndi nkhawa yeniyeni anene kuti ndionetse chati yakuti, mwini foni atsegule yekha pomwepo onse akuona. Zimenezi ndi zosiyana ndi kufufuza mwakabisira. Mabanja ena amapatsana mapasiwedi mwa kufuna kwawo ndipo zimawayendera, koma zimayenda chifukwa anapatsana mokondwa osati molandana. Chomwe ndikukuletsani ndithu ndi zija anzanu angakuuzeni zoti mutenge foni yawo mulumikize WhatsApp yawo ku foni yanu kudzera pa Linked devices kuti muziwerenga zonse. Zimaoneka, akangotsegula pamenepo apeza chipangizo chachilendo pa mndandanda, ndipo tsiku limenelo nkhani ya mtsikana wa ku Limbe idzafera pompo, idzatsala ndi yanu. Chimodzimodzi kumangoyang'ana kuti ali online nthawi yanji, mawu amenewo amangosonyeza kuti WhatsApp ndi yotsegula, sanena kuti akulankhula ndi ndani, mwina akuwerenga za mpira mu gulupu.

Chinanso choti chilowe mu mgwirizano, ndipo ichi chimakhudza ife akazi kwambiri, mukayambana nkhani isapite pa sitetasi. Zija zoika nyimbo yodandaula, kapena mawu oti "Mulungu akuona", kapena kuchotsa chithunzi cha pa pulofailo nkusiya mdima. Anthu amawerenga, alamu anu aakazi amawerenga, apongozi amauzidwa, ndipo inu mukadzagwirizana Lachiwiri iwo adzakhala akukumbukirabe mpaka Khirisimasi.

Mukagwirizana, zilembeni, olo pa kapepala ka mu kope kapena mutumizirane meseji imodzi yomwe nonse muisunge, zisapose zinthu zisanu, zikachuluka palibe amene amazikumbukira. Mupatsane mwezi umodzi kenako mudzakhalenso pansi kuona ngati zikuyenda, pakati apa osafunsa tsiku ndi tsiku. Zizindikiro zoti zikuyenda ndi zooneka ndi maso, foni imasiyidwa pa mpando munthu nkupita panja, dzina lija silikuonekanso, ndipo tsiku lina amakuuzani okha kanthu komwe simukanadziwa. Zoti sizikuyenda nazonso zimaoneka, nambala ija yabwerera ndi dzina lachimuna kapena la "Makaniki", foni yayamba kugona chafufumimba ndi kupita nawo kubafa komwe, kapena akukana ngakhale kukhala pansi, akuti mwamuna safunsidwa za foni yake koma yanu akufuna aziiona. Mgwirizano womanga mmodzi yekha ine sindiuvomereza, kaya womangidwayo ndi mkazi kaya mwamuna.

Pamenepo ndiye pofunika ankhoswe, ndipo mukapite ndi nkhani yooneka mutu wake. Ankhoswe ambiri ndi achikulire, mukakangoti amalaika zithunzi adzakuuzani kuti mwana iwe pirira, za mafoni ndi zachibwana. Mukanene kuti akulemberana mobisa ndi mkazi amene anali naye kale, tinagwirizana tsiku lakuti kuti asiye, sanasiye, kapena anakana kukambirana. Chimenecho nkhoswe aliyense amachimva, chifukwa ndi nkhani yakale yomwe ija yangosintha njira yodzera. Muyambe ndi nkhoswe wa kwanu, iye ndiye akaitane mnzake wa kuchimuna. Koma ngati pofunsa za foni pabwera kumenyedwa, kuopsezedwa, kulandidwa foni yanu kapena kuiphwanya, kapena kuopsezedwa kuti zithunzi zanu zachinsinsi aziponya pagulu, imeneyo si nkhani ya malaiki ndipo musadikire mwezi, pitani ku ofesi ya Vikitimu Sapoti kupolisi ndipo wachibale mmodzi amene mumamukhulupirira adziwe tsiku lomwelo.

Mnzanu wa ku kwaya uja mumuthokoze, mwina anachita ndi mtima wabwino, koma mumuuze kuti nkhaniyi mukuikonza ndi amuna anu ndipo asakutumizireninso masikirinishoti, asatumizirenso wina aliyense. Mukamusiya adzakhala mlonda wa banja lanu, chilichonse chomwe alamu adina chizikufikani madzulo aliwonse, ndipo mwezi woyeserera uja simungaupirire muli ndi munthu wokuthirirani mchere pa bala. Yomwe anatumiza kale ija isungeni imodzi yokha mwina idzafunika kwa ankhoswe, koma ichotseni mu galare momwe mumaiona tsiku lililonse mukamafuna zithunzi za mwana.